Purosesa ikalemba, memore imamva liti?

Mukauza kompyuta kuti ikope mabaiti 8 miliyoni kuchoka pamalo ena kupita pena, aliyense angaganize kuti mabaiti oyenda ndi 16 miliyoni: 8 miliyoni owerengedwa ndi 8 miliyoni olembedwa. Koma pa makompyuta ambiri, ngati pulogalamu yokopayo yalembedwa mwachizolowezi, mabaiti amene amadutsadi pakati pa purosesa ndi memore yaikulu amakwana 24 miliyoni. Enawo sanasochere ndipo makina sanawonongeke. Amachokera pa chisankho chimene okonza purosesa anapanga dala, ndipo chisankho chomwechi ndicho chimagwetsa ophunzira ambiri a zamakompyuta pa mayeso, ngakhale kuti masamu ake ndi kuchulukitsa ndi kuphatikiza basi.

Gwero la nkhaniyi ndi kusiyana kwa liwiro. Wotchi ya purosesa ya masiku ano imagunda ka 3 biliyoni kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, pamene memore yaikulu imatenga pafupifupi mananosekondi 80 kuti iyankhe. Pa nthawi imeneyi wotchi ija yagunda kale koposa ka 200. Choncho pafupi ndi purosesa amaikapo kamemore kakang'ono koma kothamanga kwambiri, kotchedwa kashe, kamene kamasunga makope a zinthu zomwe zagwiritsidwa ntchito posachedwa. Maurice Wilkes wa ku Cambridge anafotokoza ganizoli mu 1965, ndipo kampani ya IBM inaliika mu makina ake a System/360 Model 85 amene inalengeza mu 1968. Kashe yoyandikira kwambiri purosesa lero imakhala ya makilobaiti 32 kapena 48, ndipo imayankha wotchi itangogunda kanayi kapena kasanu.

Kashe sitenga baiti imodziimodzi ku memore. Imatenga chigawo chonse cha mabaiti oyandikana, chimene titchule kuti mzere, ndipo pa mapurosesa ambiri mzere umodzi ndi mabaiti 64. Purosesa ikafuna adiresi inayake, mzere wake ukapezeka kale mu kashe timati yapeza. Ukasowa timati yaphonya, ndipo mzere wonsewo uyenera kuitanitsidwa. Powerenga palibe chovuta, chifukwa kopi ya mu kashe ndi ya ku memore zimakhala zofanana. Mavuto amayamba purosesa ikalemba. Kopi ya mu kashe ikangosintha, ya ku memore yakhala yakale, ndipo wina ayenera kugamula kuti memore iuzidwa liti.

Kuuza pompopompo, kapena kudikira

Njira yoyamba ndi yakuti chilichonse cholembedwa mu kashe chipyole mpaka ku memore nthawi yomweyo. Tiitchule kulemba kopyola. Purosesa ikalemba nambala ya mabaiti 8, mabaiti 8 amenewo amanyamuka, kaya mzere wake uli mu kashe kapena ayi. Memore simatsalira m'mbuyo, ndipo kashe ikafuna malo imangotaya mzere wakale osaufunsa kanthu. Makina a IBM aja ankatero, VAX-11/780 ya 1977 inkatero, ndipo Intel 80486 ya 1989, yokhala ndi kashe ya makilobaiti 8, inkateronso.

Njira yachiwiri ndi kulemba kodikira. Cholembedwacho chimathera mu kashe, ndipo mzerewo umaikidwa chizindikiro cha biti imodzi chosonyeza kuti wasiyana ndi wa ku memore. Mzere wotere timati wakuda. Ungalembedwe kawiri kapena ka 1,000, memore simva kanthu. Tsiku la malipiro limabwera pamene mzere wina wafuna malo omwewo: wakudawo uyenera kubwezedwa kaye ku memore, ndipo umabwezedwa wathunthu, mabaiti onse 64, ngakhale baiti imodzi yokha ndiyo inasintha, poti biti imodzi ija sidziwa kuti ndi mbali iti ya mzere imene inakhudzidwa. Intel inatenga njira imeneyi mu Pentium ya 1993.

Zili ngati mwini okala amene buku lake lalikulu la ngongole lili kunyumba, pamene pa kauntala ali ndi kapepala chabe. Wina amatuma mwana kunyumba kukalemba m'buku nthawi iliyonse munthu akatenga sopo pa ngongole. Mnzake amalemba pa kapepalako, kufufuta, kulembanso, ndipo amakakopera m'buku pokhapokha kapepalako kakafunika pa ntchito ina. Woyambayo amatopetsa mwana koma buku lake limanena zoona nthawi zonse. Wachiwiriyo amasunga mphamvu, koma wotsegula buku masana apeza nambala zadzulo.

Ofuna kuona mayina a njirazi ndi maso angatero pa kompyuta ya Intel kapena AMD yoyendera Linux. Lamulo la `cat /proc/mtrr` limaonetsa zigawo za memore, ndipo kumapeto kwa chigawo chilichonse kumakhala mawu onga `write-back`, omwe ndi kulemba kodikira, kapena `write-through`, kulemba kopyola. Ndi mayina omwewo amene amabwera pa pepala la mayeso.

Funso limene ambiri amaliiwala

Pali chisankho chachiwiri, chosiyana ndi choyambacho, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene mamakisi amatayikira. Purosesa yafuna kulemba pa adiresi imene mzere wake mulibe mu kashe. Chichitike n'chiyani?

Kashe ikhoza kuitanitsa mzerewo ku memore, kuupatsa malo, kenako n'kulembamo. Uku ndi kupereka malo polemba, kumene pa mayeso kumalembedwa `write-allocate`. Wina angafunse kuti n'kuitanitsiranji zinthu zimene tikufuna kuzifufuta. Yankho ndi lakuti purosesa ikulemba mabaiti 8 okha mwa 64. Otsalawo 56 ayenera kukhala olondola, chifukwa mwina awerengedwa posachedwa, ndiponso mzerewo ukadzabwezedwa udzapita wonse. Kashe sidziwa ngati pulogalamu idzalemba mabaiti 56 amenewo kapena ayi, choncho imawatenga. Kulemba kwabala kuwerenga, ndipo kuwerenga kumeneku sikuoneka paliponse mu pulogalamu.

Kapenanso kashe ikhoza kuima pambali, cholembedwacho n'kulambalala kupita ku memore, mzere osabwera. Uku ndi kulambalala, `no-write-allocate`. Palibe choitanitsa, palibenso mzere wochotsedwa pamalo pake. Kuipa kwake n'kwakuti kulemba kotsatira pa mzere womwewo kudzaphonyanso, mpaka tsiku limene wina adzauwerenge.

Kawirikawiri kulemba kodikira kumayenda ndi kupereka malo, chifukwa phindu lake lonse lili pa kugwira zolemba zobwerezabwereza, ndipo sungagwire chimene sunachipatse malo. Kulemba kopyola kumakonda kulambalala, poti mabaitiwo apita ku memore ndithu, ndiye kuitanitsa mzere n'kuwonjezera mtengo. Koma ichi n'chizolowezi chabe. Mitundu yonse inayi ndi yotheka, ndipo wokonza mayeso ali ndi ufulu wosakaniza mmene akufunira.

Kuwerengetsa sitepe ndi sitepe

Titenge kashe yaing'ono kwambiri kuti zonse zikwane pa pepala. Ili ndi malo anayi, 0 mpaka 3, aliwonse osunga mzere umodzi wa mabaiti 64. Nambala iliyonse imene purosesa ikuwerenga kapena kulemba ndi ya mabaiti 8. Poyamba kashe ilibe kanthu. Nambala ya mzere timaipeza pogawa adiresi ndi 64 n'kutaya zotsala, ndipo malo ake ndi chotsala tikagawa nambala ya mzereyo ndi 4. Motero adiresi 0 mpaka 63 ndi mzere 0, umene umakhala pa malo 0. Adiresi 64 ndi mzere 1, pa malo 1. Adiresi 256 ndi 264 zili mu mzere 4, ndipo 4 tikagawa ndi 4 satsala kanthu, choncho mzere 4 umalimbirana malo 0 ndi mzere 0. Purosesa ichita zinthu zisanu ndi zitatu motere:

```
1  lemba    0     mzere 0  malo 0
2  lemba    8     mzere 0  malo 0
3  werenga  16    mzere 0  malo 0
4  lemba    24    mzere 0  malo 0
5  werenga  256   mzere 4  malo 0
6  lemba    64    mzere 1  malo 1
7  werenga  0     mzere 0  malo 0
8  lemba    264   mzere 4  malo 0
```

Tiyambe ndi kashe yodikira yopereka malo. Sitepe 1 yaphonya, mzere 0 waitanitsidwa, mabaiti 64 ayenda, ndipo mzerewo wada pomwepo. Masitepe 2, 3 ndi 4 onse apeza, ndipo palibe baiti yatuluka. Pa sitepe 5 mzere 4 ukufuna malo 0, koma wokhalapo ndi wakuda, choncho mabaiti 64 apita ku memore ndipo ena 64 abwera. Sitepe 6 yaphonya, mzere 1 wabwera ndi mabaiti 64 n'kuda. Pa sitepe 7 mzere 0 ukubwerera kudzachotsa mzere 4. Apa m'pofunika kuima kaye. Mzere 4 unangowerengedwa, sunalembedwe, ndiye ndi woyera ndipo ungotayidwa. Oyenda ndi 64 obwera okha. Sitepe 8 ikuchotsa mzere 0. Mzere umenewu unali wakuda kale, koma unabwezedwa pa sitepe 5 ndipo chibwerereni pa sitepe 7 sunalembedwe, choncho ndi woyera. Ophunzira ambiri amaulipiritsa kawiri chifukwa chokumbukira kuti unadapo. Mzere 4 wabwera, mabaiti 64, ndipo wada.

Tikawonkhetsa, mizere isanu yaitanitsidwa, mabaiti 320, ndipo umodzi wabwezedwa, mabaiti 64. Onse pamodzi ndi 384. Koma mu kashe mwatsala mizere iwiri yakuda, 1 ndi 4, imene memore sinaimve. Ngati funso likunena kuti pamapeto kashe itsukidwe, pawonjezeke 128 kuti akwane 512. Ngati silikunena, yankho ndi 384, ndipo wanzeru amalemba pambali kuti mizere iwiri yatsala yakuda.

Tsopano masitepe omwewo pa kashe yopyola yolambalala. Sitepe 1 yaphonya, mabaiti 8 apita ku memore, mzere sunabwere. Sitepe 2 yaphonyanso pa chifukwa chomwecho, 8 ena. Sitepe 3 ndi kuwerenga, ndipo kuwerenga kukaphonya mzere umabwera pa kashe yamtundu uliwonse: mabaiti 64. Sitepe 4 yapeza, kopi ya mu kashe yasintha, komabe mabaiti 8 apyola. Sitepe 5 yabweretsa 64 ndipo mzere 0 wangotayidwa. Sitepe 6 yatumiza 8. Sitepe 7 yabweretsa 64. Sitepe 8 yapeza malo 0 ali ndi mzere 0, ndiye yaphonya, yatumiza 8, ndipo mzere 0 wakhalabe pamalo pake. Obwera ndi 192, opita ndi 40, onse 232.

Kashe yoyamba ija inapeza katatu n'kuphonya kasanu. Yachiwiriyi yapeza kamodzi kokha n'kuphonya kasanu ndi kawiri, komabe yayendetsa mabaiti ochepa, 232 poyerekeza ndi 384. Amene analoweza kuti kulemba kodikira nthawi zonse kumachepetsa katundu pa njira ya ku memore amakayikira yankho lolondolali n'kuyamba kulisintha. Asatero. Kuchuluka kwa kuphonya ndi kuchuluka kwa mabaiti ndi miyeso iwiri yosiyana, ndipo pali wachitatu, chiwerengero cha maulendo: kashe yodikira yapita ku memore maulendo 6, yopyola maulendo 8. Funso liwerengedwe bwino kuti muyeso wofunidwa ndi uti.

Mitundu iwiri yotsalayo siitenga nthawi. Kashe yopyola yopereka malo imaitanitsa mizere isanu yomwe ija, 320, n'kutumiza zolemba zisanu, 40, kukwana 360. Kashe yodikira yolambalala imaitanitsa mizere itatu, 192, imatumiza zolemba zinayi zophonya, 32, ndipo kulemba kwa sitepe 4 kumadetsa mzere 0 umene umabwezedwa pa sitepe 5, mabaiti 64. Zonse ndi 288. Taonani mtengo wa sitepe 4 imeneyo: kulemba kumodzi kwa mabaiti 8 kwalipiritsa 64.

Pamenepa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Kashe yopyola imalipira mabaiti 8 pa kulemba kulikonse. Kashe yodikira imalipira 64 pa mzere uliwonse wakuda, kaya unalembedwa kangati. Ngati zonse ziwiri zikupereka malo, zimafanana pamene mzere walembedwa ka 8 usanachotsedwe. Kupitirira apo yodikira yapambana. Ngati mzerewo ukungolembedwa osawerengedwa, ndipo tikuyerekeza ndi yopyola yolambalala, yodikira imalipira 128, kubwera ndi kubwerera, ndiye malire ake ndi kulemba ka 16. Mu chitsanzo chathu palibe mzere umene unalembedwa koposa katatu, n'chifukwa chake yodikira inagonja. Koma nambala imodzi imene pulogalamu ikuiwonjezera ka 1,000 motsatizana imatengera yodikira mabaiti 128 okha, pamene yopyola imaitanitsa 64 n'kutumiza 8,000.

Funso likabwera ndi maperesenti

Mtundu wina wa funso supereka maadiresi. Umangoti: pa zochita 1,000 zilizonse za purosesa ndi memore, 700 ndi zowerenga ndipo 300 ndi zolemba, mwa 100 zilizonse, 5 zimaphonya, zowerenga ndi zolemba chimodzimodzi, mwa mizere 100 yochotsedwa, 40 imakhala yakuda, mzere ndi mabaiti 64, nambala ndi mabaiti 8. Kashe yadzaza kale, ndiye mzere uliwonse wobwera umachotsa wina.

Kwa yodikira yopereka malo, zophonya ndi 50 ndipo chilichonse chimabweretsa mzere, mabaiti 3,200. Mwa mizere 50 yochotsedwa, 20 ndi yakuda, mabaiti 1,280. Zonse ndi 4,480. Kwa yopyola yolambalala, mizere imabwera pa zowerenga zophonya zokha, zomwe ndi 35, mabaiti 2,240. Zolemba zonse 300 zimapyola, zopeza ndi zophonya zomwe, mabaiti 2,400. Zonse ndi 4,640. Misampha ilipo iwiri. Ena amachulukitsa zolembazo ndi 5 pa 100, ngati kuti zophonya zokha ndizo zimapita ku memore. Ena amalowetsa 40 pa 100 uja mu kashe yopyola, imene ilibe mzere wakuda ngakhale umodzi. Nambalayo inaikidwa mu funso chifukwa cha kashe inayo.

Manambala awiriwa ayandikana, 4,480 ndi 4,640, koma tisinthe chinthu chimodzi. Zophonya zikatsika kufika pa 1 mwa 100, yodikira imaitanitsa mizere 10 n'kubweza 4, mabaiti 896. Yopyola imaitanitsa 7, mabaiti 448, koma 2,400 aja sasuntha, ndiye ili pa 2,848. Zophonya zikakwera kufika pa 10 mwa 100, yodikira ifika pa 8,960 pamene yopyola ili pa 6,880. Katundu wa yodikira amatsata kuphonya. Wa yopyola ali ndi gawo limene silitsika ngakhale kashe itakula bwanji, chifukwa limatsata kuchuluka kwa zolemba za pulogalamu. Makashe atakula ndi kuphonya n'kuchepa, gawo losatsikalo ndilo linakhala katundu wamkulu, ndipo ichi chikufotokoza bwino chifukwa chimene mafakitale anasamukira ku kulemba kodikira.

Chenjezo limodzi: funso lotere limatenga kuti kuphonya ndi kofanana pa makashe onse awiri. Chitsanzo chathu cha masitepe 8 chaonetsa kale kuti pa makina enieni sizikhala choncho, poti kusapereka malo kumasintha zimene zili mu kashe. Pa mayeso tsatirani zimene mwapatsidwa, koma mudziwe kuti n'kufewetsa.

Mabaiti 8 miliyoni obisika aja

Tsopano za kukopa zikhoza kumveka. Pulogalamu yake ndi iyi, ndipo `a` ndi `b` ndi mindandanda ya nambala 1,000,000 za mabaiti 8, yaikulu kwambiri kuposa kashe imene tikuiganizira:

```c
for (i = 0; i < 1000000; i++)
    a[i] = b[i];
```

Mndandanda uliwonse ndi mizere 125,000. Pa kashe yodikira yopereka malo, mizere ya `b` imabwera, mabaiti 8 miliyoni. Mizere ya `a` imabweranso, poti kulemba koyamba pa mzere uliwonse kumaphonya, 8 miliyoni ena. Kenako mizere yomweyo ya `a` imabwerera ili yakuda, 8 miliyoni achitatu. Zimene zinaitanitsidwa kuchokera ku `a` zinafufutidwa zonse popanda wozigwiritsa ntchito. John McCalpin, amene anakonza pulogalamu yoyezera liwiro la memore yotchedwa STREAM, amawerengera mabaiti 16 pa nambala iliyonse yokopedwa, ndipo amachenjeza kuti makina opereka malo polemba amayendetsa 24. Amene angayeze makina ake n'kupeza liwiro la magawo awiri okha mwa atatu a limene amayembekezera, ayambe kukayikira kuno.

Yopyola yolambalala ingayendetse 16 miliyoni okha. Ndiye bwanji sitikuigwiritsa ntchito ponseponse? Tiwerengetse maulendo. Yodikira yapanga maulendo 375,000, onse a mizere yathunthu. Yopyola yapanga maulendo 125,000 owerenga ndi 1,000,000 olemba tinambala timodzitimodzi. Memore ya mtundu wa DDR4 imatumiza mabaiti 8 kasanu ndi katatu motsatizana pa pempho lililonse, kukwana 64, ndipo kulemba kwa mabaiti 8 kumatsekabe njira kwa nthawi yonseyo. Kuwerengetsa mabaiti kokha kumakometsera kashe yopyola kuposa mmene ilili. N'chifukwa chake makashe opyola amaikiridwa kankhokwe kodikiriramo zolemba, kuti purosesa isaime, ndipo kankhokweko kamaphatikiza zolemba zoyandikana kukhala ulendo umodzi. Koma pulogalamu ikamalemba mothamanga kuposa mmene kankhokweko kakukhuthulira, kamadzaza ndipo purosesa imaimabe.

Okonza mapurosesa anapeza njira yapakati: kashe ikhale yodikira yopereka malo, koma wolemba pulogalamu athe kuiuza kuti mzere uwu aulemba wonse, isavutike kuutenga. Pa Intel ndi AMD pali malamulo onga `movnti` amene amalambalala kashe n'kusonkhanitsa mzere wathunthu asanautumize. Pa Arm pali `dc zva`, limene limadzaza chigawo ndi maziro osawerenga zakale. Mapulogalamu okopa zinthu zazikulu amene amabwera ndi makompyuta amagwiritsa ntchito njira zotere, ndipo 24 uja amabwerera pa 16. Zikagwiritsidwa ntchito pa zinthu zazing'ono zimene ziwerengedwe posachedwa, zimachedwetsa, chifukwa zimene zalembedwazo sizitsala mu kashe.

Mtengo umene sulembedwa m'mabaiti

Mzere wakuda ndiwo kopi yokhayo yolondola pa makina onse, ndipo izi zili ndi zotsatira ziwiri. Choyamba, biti ikatembenuka mwangozi mu kashe yopyola, n'kokwanira kuzindikira kuti palakwika, kutaya mzerewo ndi kuitanitsa wina. Mu kashe yodikira kulibe koitanitsa, ndiye pamafunika mabiti owonjezera otha kukonza cholakwacho. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene kulemba kopyola sikunafe: kumapezekabe pakati pa kashe yoyamba ndi yachiwiri, pamene njira ndi yaifupi. AMD inachita zimenezi mu Bulldozer ya 2011, yokhala ndi kashe yoyamba yopyola ya makilobaiti 16, ngakhale kuti mu Zen ya 2017 inabwerera ku yodikira ya makilobaiti 32.

Chachiwiri chimakhudza zipangizo zimene zimawerenga memore zokha osadzera pa purosesa, monga zotumiza uthenga pa netiweki. Pa makompyuta akuluakulu makina amafunsa kashe paokha asanapereke yankho. Pa timapurosesa tating'ono ta m'zipangizo, monga Arm Cortex-M7, sizitero. Pulogalamu imadzaza uthenga, n'kuuza chipangizo kuti chitumize, koma uthengawo udakali mu mizere yakuda ndipo chipangizocho chimatumiza zakale za ku memore. Vutoli lili ndi zizindikiro zake: zotuluka zimakhala za ulendo wapita, nthawi zina zimalondola pamene mzere unachotsedwa mwamwayi, ndipo kashe ikazimitsidwa zonse zimayenda bwino. Mankhwala ake ndi kubweza mizereyo dala musanayambitse chipangizo, ndi lamulo longa `SCB_CleanDCache_by_Addr`, kapena kuika chigawo chimenecho cha memore pa kulemba kopyola.

Kuweruza kwanga n'kwakuti pa ntchito za tsiku ndi tsiku kashe yodikira yopereka malo ndiyo yoyenera, chifukwa mapulogalamu ambiri amalemba malo omwewo mobwereza ndipo memore imakonda mizere yathunthu. Koma funso la pa mayeso silifunsa za tsiku ndi tsiku. Limafunsa za maadiresi ali pa pepalawo. Inu amene mukukonzekera mayeso otere, jambulani malo a kashe, ndipo pa sitepe iliyonse mulembe ngati yapeza kapena yaphonya, ngati mzere ukubwera, ndi ngati wochotsedwayo ndi wakuda panthawiyo. Obwera ndi opita muwawonkhetse padera. Kenako tengani masitepe 8 aja, musinthe sitepe 5 ikhale kulemba m'malo mwa kuwerenga, muyesenso. Yodikira yopereka malo ikupatseni 448 kashe isanatsukidwe, yopyola yolambalala ikupatseni 112, ndipo ngati simunapeze 112, yang'ananinso sitepe 7.